Musathawe must chifukwa choti akumveka waukali: kuchotsa nyambo ziwiri pa funso la zamalamulo

Pali langizo lina lomwe limayenda pakati pa anthu okonzekera mayeso kuno ku Mzuzu, m'magulu owerengera limodzi ku Luwinga, ku Katoto ngakhale pa mabenchi a laibulale m'tauni. Amati pa mafunso osankha yankho limodzi mwa anayi, yankho lokhala ndi mawu olimba kwambiri limakhala labodza, choncho ukaona *must* uthawe, ukaona *may* ugwire. Pa maphunziro ena langizoli limathandizako. Pa zamalamulo limagwetsa anthu, ndipo limagwetsa makamaka amene anawerenga, chifukwa munthu amafika pa funso akulidziwa gawo la lamulolo, kenaka n'kutaya yankho lolondola poopa kuti likumveka mokakamiza. Komatu ntchito ya lamulo ndi kukakamiza. Theka la zimene zili m'mabuku a malamulo ndi zinthu zimene wina alibe mpata wozikana.

Maganizo anga ndi akuti mayankho akasiyana pa liwu limodzi lotere, khutu silingakuthandizeni. Chimene chimachotsa nyambo, mayankho olakwa ooneka ngati olondola, ndi funso limodzi lomwe mumalifunsa pa yankho lililonse: munthu wotchulidwayu akapanda kuchita chinthuchi, chimachitika n'chiyani? Ngati pali wina amene angapite kukhoti kukanena kuti lamulo laphwanyidwa, ndiye kuti ndi udindo, ndipo liwu lake ndi *must* kapena *shall*. Ngati palibe amene angadandaule, chifukwa lamulo linangomupatsa mphamvu n'kumusiyira kuti aone yekha, liwu lake ndi *may*. Zikuoneka zophweka, koma wolemba mafunso wodziwa ntchito yake amaika nyambo ziwiri zomwe zimafuna kuti funsoli mulifunse mosamala, ndipo nyambo ziwirizo sizigwa ndi nkhonya yofanana.

Tiyambe ndi chilankhulo chathu chomwe, chifukwa vuto lina lili pomwepo. Ambiri timawerenga funso m'Chingerezi koma timaliganiza m'Chichewa, ndipo mawu athu sagawa malire pamene lamulo limagawa. Tikati "ayenera", tikhoza kutanthauza kuti alibe kothawira, tikhoza kutanthauza kuti zingakhale bwino atatero, ndiponso timati "ayenera kuti afika kale ku Ekwendeni" pamene tikungoganizira chabe. Nalo liwu loti "akhoza" lili ndi nkhope zingapo: akhoza chifukwa ali ndi mphamvu, akhoza chifukwa waloledwa, akhoza chifukwa mwina zichitika. Onjezani ulemu wathu. Bwana akakuuzani kuti "mukhoza kupita kaye", simukhala pansi n'kumati wandipatsa mwayi wosankha, mumanyamuka. M'lamulo mulibe ulemu wotere. *May* wa m'lamulo ndi chilolezo chenicheni, chomwe mwini wake akhoza kuchigwiritsa ntchito kapena kuchisiya. Choncho pomasulira m'mutu, musamati "akhoza" ndi "ayenera" basi. Muziti "ali ndi mphamvu, koma akafuna asiya" ndi "alibe mpata wokana". Ndi mawu ataliatali, koma samakusokeretsani.

Tsopano titenge funso limodzi tiliyende lonse. Lichokere pa gawo 73 la malamulo aakulu a dziko lino a 1994, lomwe limanena za kusayinira mabilu. Bilu ikadutsa ku Nyumba ya Malamulo n'kupita kwa Pulezidenti, iye ali ndi masiku 21 oti asayine kapena akane. Akakana, biluyo imabwerera kwa Sipikala pamodzi ndi zifukwa zake, ndipo aphungu sangaikambiranenso mpaka patadutsa masiku 21. Akaikambirananso n'kuivomereza isanathe miyezi 3, imapitanso kwa Pulezidenti, ndipo ulendo wachiwiriwu lamulo likuti asayine pasanathe masiku 21. Si nkhani ya m'buku chabe: mu 2020 dziko linaona Pulezidenti Peter Mutharika akukana kusayinira mabilu okhudza zisankho, ndipo anthu ambiri anayamba kulifunsa gawoli nthawi imeneyo.

Funso likhale lotere. Pulezidenti wakana kusayinira bilu, aphungu adikira masiku ofunika, aikambirananso n'kuivomereza mu nthawi yake, ndipo Sipikala waiperekanso kwa Pulezidenti. Ndi chiti cholondola?

A. Liwu lake ndi *may*: Pulezidenti akhoza kusayina pasanathe masiku 21.
B. Liwu lake ndi *must*: Pulezidenti ayenera kusayina pasanathe masiku 21.
C. Liwu lake ndi *must*: Pulezidenti ayenera kusayina kapena kukana pasanathe masiku 21.
D. Liwu lake ndi *may*: Pulezidenti akhoza kuibwezanso kwa Sipikala pasanathe miyezi 3.

D ndi wodzazira malo. Wabwereka miyezi 3 ya aphungu n'kuipereka kwa Pulezidenti, ndipo munthu amene analiwerengapo gawoli ngakhale kamodzi amutaya msanga. Nkhondo ili pa A, B ndi C, ndipo awiri mwa atatuwa ndi nyambo.

Nyambo yoyamba ndi A. Ndi yankho lolondola lomwe lafooketsedwa. Chilichonse m'menemo n'choona, munthu wake, ntchito yake, masiku ake, kupatula liwu limodzi. Chimene chimakopa anthu n'chakuti A sakumveka wabodza. Munthu amaganiza kuti ngati Pulezidenti ayenera kusayina, ndiye kuti akhozanso kusayina, choncho A sangakhale wolakwa, ndipo pakati pa mayankho awiri osalakwa ndi bwino kutenga wofatsa. Pocheza, kuganiza kumeneku kulibe vuto. M'lamulo n'kolakwika, chifukwa *may* amanyamula zinthu ziwiri nthawi imodzi: kuti akhoza kuchita, ndi kuti akhoza kusachita. Theka lachiwiriro ndi limene likunama. Mukaona *may* pa yankho, muziwonjezera nokha m'mutu mawu oti "kapena ayi" kumapeto kwa chiganizo, ndipo muchiwerengenso. "Pulezidenti akhoza kusayina kapena ayi." Kodi mungavomereze zimenezo pa ulendo wachiwiri? Apa bodza laonekera.

Ngakhale mutaiwala mawu enieni a ndime imeneyi, pali njira yofikira pomwepo. Dzifunseni kuti A akanakhala woona, aphungu akanavutikiranji kudikira masiku 21, kukambirananso, kuvotanso? Bilu ikanangobwerera pamene inali poyamba, ndipo Pulezidenti akanatha kuikana mpaka kalekale. Ndondomeko yonseyo inalembedwa kuti mkangano wa Nyumba ya Malamulo ndi Pulezidenti ukhale ndi pothera. Yankho lomwe likusandutsa gawo lonse la lamulo kukhala lopanda ntchito n'lokayikitsa kwambiri, ndipo makhoti enieni amapewa kumasulira lamulo mwa njira yotero.

Nyambo yachiwiri ndi C, ndipo ndi yoopsa kuposa A. C ndi chiganizo choona, pafupifupi liwu ndi liwu monga chilili m'malamulo. Kungoti ndi cha ndime yoyandikana nayo, ya ulendo woyamba. Munthu amene analoweza gawoli amamva mawu odziwika, mtima n'kukhala pansi, n'kuchonga. Nyambo imeneyi siigwa ndi funso loti "*may* kapena *must*?", chifukwa liwu lake ndi lomwe lija lili mu B. Imagwa mukabwerera ku funso lenilenilo n'kufunsa kuti tili pa siteji iti. Mawu oti "waiperekanso" ndiwo agamula. N'chifukwa chake ndi bwino kudula mzere pansi pa zinthu zitatu musanayang'ane mayankho: ndani akuchita, pa nthawi iti ya ndondomeko, ndipo chachitika kale n'chiyani. Wolemba funso sangataye mizere itatu kufotokoza kuti aphungu anavotanso ngati zimenezo sizikusintha yankho.

Onaninso chinthu china mu C. *Must* wake si wokakamiza kusayina ayi. Akukakamiza kusankha, ndi kusankha mu nthawi yake. M'kati mwa udindo muli ufulu. Apa m'pamene anthu ambiri amene anaphunzira kale kusiyanitsa *may* ndi *must* amagwerabe, chifukwa amaima pa liwulo osafunsa kuti likugwira chiyani. *Must* ali ngati mbedza: muyang'ane chimene chakoledwa kumapeto kwake.

Mfundo imeneyi ikuoneka bwino kwambiri pa malamulo a zantchito, omwe amafunsidwa kwa ophunzira zamalamulo, za kayendetsedwe ka antchito ndi zowerengera chuma omwe. Tinene kuti mayi wina wagwira ntchito zaka 7 pa sitolo ina m'tauni muno, ndipo tsiku lina wauzidwa kuti asabwerenso chifukwa katundu wasowa, popanda kumufunsa mbali yake. Lamulo la zantchito la 2000, pa gawo 57, likuti munthu asachotsedwe ntchito pa zifukwa za khalidwe kapena kagwiridwe kake ka ntchito asanapatsidwe mpata wodziteteza, pokhapokha ngati sizingayembekezereke kuti bwanayo apereke mpatawo. Bwalo loona milandu ya apantchito lapeza kuti mayiyu anachotsedwa mopanda chilungamo. Funso likuti, bwalo lichite chiyani? Yankho lina likuti bwalo likhoza kumupatsa chithandizo, ndi *may*. Lina likuti bwalo liyenera kumubwezera pa ntchito yake, ndi *must*. Lachitatu likuti bwalo liyenera kumupatsa chimodzi kapena zingapo mwa zithandizo zitatu, ndi *must* yemweyo.

Funsani funso lija. Bwalo litapeza kuti mayiyu analakwiridwa, kenaka n'kumuuza kuti pitani, palibe chomwe mulandire, kodi ali ndi podandaulira? Ali napo, chifukwa gawo 63 likugwiritsa ntchito *shall*: bwalo lipereke chimodzi kapena zingapo mwa kumubwezera pa ntchito yake, kumulembanso ntchito yofanana nayo, kapena chipukuta misozi. Yankho la *may* lagwa. Koma bwalo litamupatsa ndalama osamubwezera pa ntchito, kodi lamulo laphwanyidwa? Ayi. Chimene bwalo likukakamizidwa kuchita ndi kuyamba laganizira ngati n'kotheka kumubwezera kapena kumulembanso, poona zofuna za mayiyo ndi momwe zinthu zinachitikira. Kuganizira ndi udindo, kubwezera si udindo. Yankho lachiwiri latenga *must* woona n'kumukoleka pa chinthu cholakwika. Taonani kuti pa funso la Pulezidenti yankho lokhala ndi "kapena" linali nyambo, pamene pano yankho lokhala ndi kusankha ndilo lolondola. Amene amafuna lamulo la maonekedwe, loti yankho lalitali ndilo loona kapena lalifupi ndilo loona, apa wagwa kamodzi mwa kawiri.

Gawo lomweli lili ndi msampha wina wa manambala. Limanena kuti chipukuta misozi chisachepere malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse kwa amene wagwira zaka zosapitirira 5, masabata 2 kwa amene wapitirira zaka 5 koma osapitirira 10, masabata 3 kufikira zaka 15, ndi mwezi umodzi kwa amene wapitirira pamenepo. Mayi wa zaka 7 uja ndiye kuti sangalandire zochepera malipiro a masabata 14. Yankho lonena kuti bwalo liyenera kumupatsa malipiro a masabata 14 likumveka bwino, masamu ake ali m'malo, koma lasandutsa poyambira kukhala pothera. Bwalo lili ndi mphamvu yopereka zoposa pamenepo ngati likuona kuti n'koyenera. Chimene lilibe ndi mphamvu yotsika.

Ku milandu yaupandu zimatembenuka, ndipo kuno ndi kumene *shall* amapusitsa ngakhale anthu amene amayenda m'makhoti. Lamulo likati wolakwa *shall be liable to* zaka zakutizakuti, maso amathamangira pa *shall* n'kumati chilango n'chokakamiza. Koma liwu lolamulira pamenepo ndi *liable*, lomwe likunena malire apamwamba. Chilango cha kuba wamba ndi zaka 5, koma palibe majisitireti amene amakakamizidwa kupereka zaka 5 kwa aliyense woba nkhuku ku Chibavi. Akhoza kupereka zochepa poona kukula kwa mlandu ndi mbiri ya wolakwayo. Kusiyana kumeneku si kwa pa pepala pokha. Kale lamulo la mlandu wakupha silinkapatsa woweruza mpata: wopezeka wolakwa chilango chake chinali imfa basi. Mu 2007, pa mlandu wa Kafantayeni, khoti lalikulu linagamula kuti chilango chokakamiza chotere chikutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko, ndipo pambuyo pake mawu a gawolo anasinthidwa kuti woweruza akhale ndi posankha. Choncho pa funso la chilango, yankho la *may* nthawi zambiri ndilo limapambana, ngakhale m'buku mwalembedwa *shall*. Amene amangofananiza liwu la m'buku ndi liwu la pa yankho, monga ana amafananizira zithunzi, amagwa apa.

Wina anena kuti zonsezi ndi kuzungulira: ungoloweza gawo lililonse ndi liwu lake, nkhani yatha. Ndikuvomereza theka. Palibe luso lomwe lingalowe m'malo mwa kuwerenga buku la lamulo lenilenilo, ndipo manotsi ofupikitsidwa omwe amayenda pa mafoni ndiwo amayamba kufafaniza kusiyana kumeneku, chifukwa wofupikitsa amalemba kuti "khoti limapereka" kapena "Pulezidenti amasayina" n'kutaya liwu lomwe lidzafunsidwe. Koma kuloweza kokha kuli ndi malire awiri. Oyamba tawaona: nyambo C inapangidwira dala munthu woloweza. Achiwiri ndi akuti mutu sugwira tiliwu tating'ono bwino. Pakatha miyezi iwiri mumakumbukira masiku 21, mumakumbukira gawo 73, koma ngati linali *may* kapena *shall* mumayamba kukayika. Chimene chimakhala m'mutu ndi chifukwa chake. Ndiye powerenga, pambali pa gawo lililonse lembani kachilembo kamodzi: U ngati ndi udindo, M ngati ndi mphamvu, L ngati n'choletsa, ndipo pansi pake mzere umodzi wonena chimene chimachitika munthu akapanda kutsata. Mzere umenewo ndi umene mudzaukumbukire m'chipinda cha mayeso zala zitauma ndi chisanu cha mu Juni.

Chilembo chachitatucho, L, chili ndi chifukwa. *May not* si *may* wofooka. M'lamulo ndi kuletsa kotheratu, kofanana mphamvu ndi *shall not*. Ife tikamasulira kuti "mwina sangachite", tamusandutsa nkhani ya mwayi, pamene akutanthauza kuti saloledwa. Liwu lonena kuti munthu sakukakamizidwa, koma akafuna achita, ndi *need not*. Funso likaika *may not* ndi *need not* pa mayankho awiri oyandikana, limodzi likuletsa, linalo likumasula, ndipo ali kutali monga Karonga ndi Nsanje.

Kutsutsa kwamphamvu kuposa kuja n'kwakuti makhoti enieni sasunga malire amenewa nthawi zonse. N'zoona. Pali milandu imene *shall* anamasuliridwa ngati chitsogozo chabe, makamaka pa nkhani za ndondomeko zomwe kuzilumpha sikuvulaza aliyense, ndipo kuyambira pa mlandu wa ku Mangalande wa 1880, wa Julius ndi bishopu wa ku Oxford, zimadziwika kuti mphamvu ikhoza kubwera yomangiriridwa ku udindo, kotero kuti mwini mphamvuyo sangakane kuigwiritsa ntchito zofunika zonse zikakwanira. Ophunzira anzeru kwambiri ndi amene chidziwitso chimenechi chimawapweteka. Amaona *must* wolondola, n'kukumbukira kuti pena *shall* sakakamiza, n'kuyamba kukangana ndi funso. Maganizo anga ndi akuti pa funso losankha yankho, tanthauzo wamba la liwu ndilo lilamule, pokhapokha funsolo litakuitanani lokha kuti mupite kwina. Likakuitanani mumadziwa: limatchula kuti wopempha wakwaniritsa zofunika zonse koma mkulu wa ofesi wakana popanda chifukwa, kapena limafunsa mwachindunji kuti kuphonya tsiku kukupha chikalata kapena ayi. Popanda zizindikiro zotere, mkangano wa *shall* wofooka usungireni mafunso olemba nkhani yaitali, kumene kuli malo ofotokozera ndiponso malikisi ake.

Olemba mafunso nawonso ali ndi mlandu wawo pang'ono. Funso loika *shall* pa yankho lina ndi *must* pa lina, zina zonse zofanana, ndi funso loipa, chifukwa pa udindo mawu awiriwa akunena chimodzi. Koma ngakhale funso loipa limakuuzani kanthu. Ngati mayankho awiri akutanthauza chimodzimodzi, ndipo lolondola ndi limodzi lokha, ndiye kuti onse awiri ndi olakwa. Mwachotsa awiri osatsegula n'komwe buku la m'mutu. Mosiyana ndi zimenezo, mayankho awiri akafanana pa chilichonse n'kutsutsana pa liwu limodzi, monga A ndi B aja, kawirikawiri lolondola limakhala pakati pawo, chifukwa wolemba amayamba ndi yankho loona n'kulipotoza kuti apeze nyambo. Ndati kawirikawiri. Ndi chizindikiro cha koyambira kuyang'ana, si chigamulo.

Chinthu china chimene chimagwetsa *must* wooneka wolimba ndi mchira wa chiganizo. Gawo 42 la malamulo aakulu likuti munthu womangidwa afikitsidwe kukhoti pasanathe maola 48, ndipo zikapanda kutero amasulidwe. Aliyense amadziwa nambalayo. Tinene kuti mnyamata wamangidwa ku Zolozolo Lachisanu 3 koloko masana. Maola 48 akutha Lamulungu 3 koloko masana. Yankho lonena kuti apolisi ayenera kumumasula Lamulungu masana lili ndi *must* woyenera ndiponso masamu oyenera, koma n'lolakwa, chifukwa gawo lomwelo likupitiriza kuti maolawo akathera kunja kwa nthawi ya khoti kapena pa tsiku lomwe khoti silikhala, malire ake ndi tsiku loyamba la khoti lotsatira. Ndiye ndi Lolemba, ngati si tsiku la tchuthi. Pa belo n'chimodzimodzi: womangidwa ali ndi ufulu womasulidwa, ndi belo kapena popanda belo, pokhapokha chilungamo chitafuna zina. Yankho loti khoti liyenera kupereka belo nthawi zonse ladula mchira. Yankho loti khoti likhoza kupereka belo likafuna lataya mutu, chifukwa poyambira ndi ufulu wa womangidwayo, ndipo amene akufuna kuti akhalebe m'chitokosi ndiye asonyeze chifukwa. Lolondola ndi lomwe lasunga zonse ziwiri, udindo ndi mchira wake. Choncho mawu monga *unless* ndi *subject to* muziwasaka kumapeto kwa yankho lililonse musanachonge, ndipo muone ngati funso laika dala tsiku la sabata kapena ola. Lachisanu silinalembedwe mwangozi.

Zonsezi zimadya nthawi, ndipo nthawi ndi yowerengeka. Pepala la mafunso 50 mu ola limodzi limakupatsani masekondi 72 pa funso. Mafunso ongofuna dzina kapena nambala amatenga theka la nthawi imeneyo, ndipo zotsalazo n'zimene muyenera kuthera pa mafunso a *may* ndi *must*. Dongosolo lake lisasinthe: funso kaye, mayankho ataphimbidwa ndi dzanja; munene nokha ngati mukuyembekezera udindo, mphamvu kapena choletsa; kenaka muvundukule. Kunena nokha musanaone kumathandiza chifukwa nyambo imagwira ntchito pa munthu amene alibe chomwe akufuna. Mukatero, tayani yankho losokoneza munthu kapena nthawi, yesani "kapena ayi" pa *may* aliyense, ndipo pa *must* aliyense funsani kuti wakola chiyani. Zikakanika mpaka masekondi 90, mwatsala ndi awiri ndipo palibe chikusuntha, chongani limodzi, ikani kadontho pambali, pitirirani. Kuchoka pa anayi kufika pa awiri kwakweza mwayi wanu kuchoka pa 25 kufika pa 50 pa 100 alionse. Ngakhale pa mayeso odula kota ya malikisi pa yankho lolakwa, kulingalira pakati pa awiri kumapindulabe: pa mafunso 8 otere, mukapata 4 n'kuphonya 4, mwapeza malikisi 4 n'kutaya 1.

Mukabwerera ku mafunso a kadontho aja, musasinthe yankho chifukwa choti linalo layamba kumveka bwino pa kuwerenga kwachitatu. Sinthani mukapeza chinthu chogwirika chomwe simunachione poyamba, monga "-nso" wa mu "waiperekanso", tsiku la Lachisanu, kapena *liable* amene anabisala kumbuyo kwa *shall*. Ndipo mukamachonga mayeso oyeserera kunyumba, pa funso lililonse lomwe mwaphonya lembani mtundu wa nyambo imene yakukolani: yofooketsedwa, ya ndime yoyandikana, ya *must* wokoleka polakwika, kapena yodula mchira. Pakatha mapepala atatu kapena anayi, mtundu umodzi umayamba kuchuluka pa mndandandawo kuposa inzake, ndipo magawo okhala ndi msampha wa mtundu umenewo ndi amene muyambe kuwatsegulanso m'buku la lamulo.